Mphindi imodzi ndi theka: zimene wotchi imachita munthu akagwa, isanaimbe foni

Anthu ambiri akamva za wotchi yodziwa kuti mwiniwake wagwa, amayesa ngati ili ndi diso. Ilibe. Siona kuti mwagona pansi, siimva kuwawa kwa chiuno chanu, ndipo siidziwa ngati pamene mwafikirapo ndi pasimenti kapena pamatiresi. Ili ndi manambala okha, otuluka m'tizipangizo ting'onoting'ono tili m'kati mwake, ndipo pa manambala amenewo imachita kungolosera kuti mwina munthuyu wagwa. Wolosera amaphonya. Nthawi zina wotchi imalira munthu ali bwinobwino, nthawi zina imangokhala chete munthu ali thapsa pansi.

Nchifukwa chake opanga mawotchi amenewa sanailole kuti ikangomva kugunda, pompo iimbe foni. Anasiya kampata pakati, ndipo pa wotchi zodziwika kwambiri kampatako ndi pafupifupi mphindi imodzi ndi theka. Amene wamvetsa zochitika m'kampata kameneka savutika ndi ma alamu abodza, ndipo sazimitsa chinthu chimene tsiku lina chingamuitanire thandizo.

Zimene wotchi imamva

Kachipangizo koyamba ndi akiselerometa. Kamayeza mmene liwiro la dzanja likusinthira, kaya dzanja likupita kutsogolo, cham'mbali kapena m'mwamba. Muyezo wake ndi g, kutanthauza mphamvu imene dziko limakokera nayo zinthu pansi. Apa pali chinthu chodabwitsa pang'ono. Wotchi ikakhala phee patebulo siwerenga 0, imawerenga 1 g, chifukwa tebulo likuichirikiza kuti isagwe. Mukaitaya m'manja, nthawi yonse imene ili m'malere nambala imatsika kufika pafupi ndi 0, popeza palibe choichirikiza. Ikafika pansi, khu, nambala imalumpha kupitirira 1 g kutali, kenako n'kubwerera pa 1 g ikakhazikika.

Kugwa kwa munthu kumasiya chidindo chofanana ndi chimenechi: nambala imatsika kanthawi kochepa, imalumpha mwadzidzidzi, kenako zii. Kanthawi kotsikako nkochepadi. Chinthu chogwa kuchokera pa mita imodzi chimafika pansi theka la sekondi lisanakwane, pa masekondi 0.45, chikuthamanga mamita oposa 4 pa sekondi. Munthu sagwa ngati mwala, chifukwa mapazi amakhala akadali pansi ndipo thupi limayesa kudzigwira, choncho nambala sifika pa 0 penipeni. Komabe kutsikako kumaoneka.

Kachipangizo kachiwiri ndi jairosikopu, kamene kamayeza kutembenuka. Ntchito yake ndi kuuza wotchi njira imene dzanja ladutsa. Munthu wopunthwa amagwa chafufumimba ndipo manja amathamangira kutsogolo kukatchinga nkhope. Woterereka amagwa chagada, manja amatayikira m'mwamba. Mayendedwe a dzanja amenewa sitichita kuwaganizira, thupi limangowachita lokha, ndipo amafanana kwa anthu ambiri. Kufanana kumeneku ndi kumene pulogalamu ya m'wotchi imasakasaka. Zipangizo zina zimafunsanso barometa, kachipangizo koyeza kulemera kwa mpweya, kuti zidziwe ngati munthu watsika kuchoka pamene anali. Kusiyana kwa mpweya pa mita imodzi nkochepa kwambiri, ndiye barometa imangokhala mboni yothandizira, siigamula yokha.

Apple itatulutsa Apple Watch Series 4 mu 2018, wotchi yake yoyamba yozindikira kugwa, inakweza malire a akiselerometa kuchoka pa 16 g kufika pa 32 g. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Sikelo yothera pa makilogalamu 16 imaonetsa 16 ngakhale muikepo katundu wa 30. Momwemonso kachipangizo kothera pa 16 g kamaona kugunda konse kwamphamvu ngati kofanana, ndipo pulogalamu imasowa posiyanitsira kuwomba m'manja ndi kugwa kwenikweni.

Tinene mosabisa: pamkono si malo abwino oyezerapo kugwa kwa thupi. Dzanja limayenda lokha thupi lili chikhalire. Limakhoma misomali, limamenya mpira, limakutumula nsalu, limamenya tebulo pokangana. Tizipangizo tovala m'khosi kapena m'chiuno timayandikira pakati pa thupi, ndiye timaona bwino thunthu likamatsika. Wotchi imapambana pa chinthu chimodzi chokha, chakuti anthu amaivaladi. Kachipangizo ka m'khosi kosiyidwa pamutu pa bedi sikathandiza munthu wogwa kubafa.

Mayi wina kubafa

Tiyerekeze mayi wa zaka 68 wokhala yekha, wavala Apple Watch, ndipo foni yake ili kuchipinda chapafupi. Akutuluka m'bafa, phazi laterereka, wagwa chagada n'kumenyetsa mutu. Wakomoka.

M'sekondi yoyamba ija wotchi yaona zonse zitatu: dzanja latayikira m'mwamba, nambala yatsika, kenako yalumpha. Pulogalamu yagamula kuti uku ndi kugwa kwamphamvu. Koma siimba foni. Imagogoda pamkono, imaliza alamu, n'kuonetsa pasikirini uthenga wokhala ndi zosankha. Mayiyu akadakhala maso, akadakoka kotsetsereka koimbira a zangozi kuti foni iimbidwe nthawi yomweyo, kapena akadadina `I'm OK` kuti nkhani ithere pomwepo.

Apa mpamene pagona nkhani yonse. Wotchi imayamba kumvetsera ngati munthuyo akuyenda. Ikaona kuti dzanja likugwedezeka, imangodikira yankho, siimba foni yokha. Maganizo ake ngakuti munthu amene akusuntha angathe kudzisankhira. Koma mayi wathu ali chikomokere. Pakatha pafupifupi mphindi imodzi dzanja lili duu, wotchi imayamba kuwerenga chotsitsa masekondi 30. Nthawi yonseyi ikugogoda pamkono, ndipo alamu ikukulirakulira kuti mwiniwake kapena wina ali pafupi amve. Pasikirini pali `Cancel`. Palibe wadina. Masekondi atha, foni yaimbidwa ku nambala ya zangozi ya dziko limene mayiyu ali.

Woyankha foniyo samva mawu a mayiyu. Amamva uthenga wojambulidwa kale wonena kuti wotchi yazindikira kugwa kwamphamvu, ndiponso manambala osonyeza malo pamapu. Koyamba uthengawu umamveka mokweza, kenako umatsika mawu n'kumabwerezabwereza, kuti ngati munthuyo watsitsimuka, kapena wina wafika, athe kulankhula. Foni ikatha, wotchi imatumiza uthenga wolemba kwa anthu amene mayiyu adawalemba kale kuti ndiwo oyenera kudziwitsidwa pangozi, kuwauza kuti wagwa, kuti aimbiridwa a zangozi, ndi malo amene ali.

Kuyambira pamene wagwa kufika pamene foni yaimbidwa papita pafupifupi masekondi 90. Wina angafunse kuti bwanji kudikira chonsecho munthu atakomoka. Yankho lake nlakuti zipangizozi sizinapangidwe kuti zipikisane ndi masekondi. Mdani wake weniweni ndi kukhalitsa pansi. Madokotala a okalamba amaopa kwambiri munthu akagona pansi kupitirira ola limodzi osatha kudzuka, chifukwa thupi limazizira, madzi amatha m'thupi, ndipo minofu yopanikizika imayamba kuwonongeka n'kutulutsa zinthu zovulaza impso. Poyerekeza ndi usiku wonse pansi pozizira, masekondi 90 ndi mtengo wochepa wolipira kuti ambulansi isamathamangire munthu amene amangokhoma msomali.

Wotchi zina zimasiyana pa manambala, koma kaganizidwe nkamodzi. Pixel Watch ya Google, imene inayamba kuzindikira kugwa mu 2023, imayamba yadikira pafupifupi masekondi 30 kuti ione ngati munthu akusuntha, kenako imanjenjemera ndi kulira, ndipo ikalira pafupifupi mphindi imodzi popanda yankho imaimba foni. Wotchi zamasewera za Garmin zili ndi `Incident Detection`, imene imagwira ntchito pamene mukujambula masewera ena apanja, monga kupalasa njinga, ndipo imatumiza uthenga kwa anthu anu okha, osati kwa a zangozi. Kusiyana kumeneku muyenera kukudziwa musanagule, chifukwa mawu akuti "yozindikira kugwa" sakuuzani amene adzaimbiridwe.

Pali mfundo zitatu m'nkhani ya mayiyu zimene zikadasoweka, unyolo wonse ukadaduka. Yoyamba ndi netiweki. Wotchi yopanda layini yakeyake imadalira foni ili pafupi, kapena Wi-Fi yodziwika ngati kuimba foni kudzera pa Wi-Fi kudatcheredwa kale. Mayiyu akadagwera kutali ndi foni yake, wotchi ikadazindikira kugwa bwinobwino, ikadalira, koma osapeza poimbira. Yachiwiri ndi `Wrist Detection`, imene imauza wotchi kuti ili pamkono pa munthu. Ena amaizimitsa chifukwa chotopa ndi kulemba nambala yachinsinsi, osadziwa kuti ikazima wotchi siimbanso foni yokha. Yachitatu ndi zaka. Apple imayatsa yokha `Fall Detection`, yozindikira kugwa ija, nthawi zonse kwa amene adalemba kuti ali ndi zaka 55 kapena kuposerapo (poyamba malire anali 65). Ngati mwana anamugulira mayiyu wotchi n'kuitchera mothamanga, osalemba bwino tsiku lobadwa, nkutheka kuti chinthuchi sichinayake ndipo palibe akudziwa.

Bodza la pamkono ndi bodza la pafoni

Anthu akamadandaula za ma alamu abodza amasakaniza zinthu ziwiri zosafanana. Choyamba ndi wotchi kufunsa ngati mwagwa pamene simunagwe. Chimenechi nchosowetsa mtendere chabe, mumadina kamodzi chatha. Chachiwiri ndi foni kufika kwa a zangozi popanda ngozi, ndipo chimenechi chimadya nthawi ya anthu amene akadathandiza wina.

Choyambacho simungachithetseretu. Apple yomwe imanena kuti munthu akamachita zinthu zambiri zolimbitsa thupi, mpata wakuti wotchi iyese kuti wagwa umakula. Wowaza nkhuni, wosewera mpira wamanja, wodziponya pampando wofewa atatopa, onsewa amapatsa dzanja chidindo chofanana ndi kugwa. Opanga akadafuna, akadakhwimitsa pulogalamu kuti isamafunse kawirikawiri, koma pamenepo ikadaphonyanso kugwa kwenikweni kochuluka. Bulangete lake ndi lalifupi: mukafunda kumutu, mapazi amakhala pamtunda.

Chachiwiricho chimafuna kuti zinthu zitatu zikumane. Pakhale kugunda kofanana ndi kugwa, dzanja likhale duu pafupifupi mphindi yathunthu, ndipo mwiniwake asamve kugogoda kapena alamu mpaka masekondi onse atha. Wowaza nkhuni uja saimbitsa foni, chifukwa dzanja lake silipuma. Amene amaimbitsa ndi munthu wonga uyu: wadziponya pabedi atatheratu, dzanja lamenya m'mbali mwa bedi, iye tulo tamutenga, wotchi yakwiririka pansi pa pilo. Kapena wavala malaya amanja ochindikala pamalo aphokoso, lamba wa wotchi ali wolefuka moti kugogoda sikufika pakhungu. Kapenanso ndi wokalamba wovutika kumva amene wavula zothandizira kumva.

Mukaziona chonchi, mankhwala ake amaonekera okha. Pa zitatu zija, chimene chili m'manja mwanu ndi chachitatu, kumva alamu. Mangani lamba moti wotchi ikhale yokhudza khungu osatsetsereka pamkono. Lamba wolefuka amalakwa kawiri: wotchi imawombana ndi fupa la pamkono n'kuchulukitsa kugunda kumene ikuwerenga, ndipo ikagogoda inu simumva. Dzizolowezeninso kuti mukagunda chinthu mwamphamvu, muziyang'ana pamkono musanapitirize. Ndipo wotchi ikafunsa, yankhani, musamangoinyalanyaza.

Ngati ndinu wachinyamata wathanzi ndipo mafunsowa akukutopetsani pantchito yamanja, pali njira yapakati. Kuyambira mu 2021 Apple Watch ili ndi zosankha ziwiri, `Always on` ndi `Only on during workouts`. Yachiwiriyo imayang'anira kugwa pokhapokha mukamajambula masewera, monga kuthamanga kapena kupalasa njinga. Kwa munthu amene ngozi yake yaikulu ili panjinga, imeneyi ndi yoyenera. Koma kwa wokalamba, wodwala khunyu, kapena womwa mankhwala ochititsa chizungulire, ine ndingati kusankha imeneyi nkulakwitsa, chifukwa anthu otere amagwera m'nyumba, usiku, popita kuchimbudzi, nthawi imene palibe masewera alionse akujambulidwa. Kwa iwo bola wotchi yofunsa kawiri pamlungu.

Kugwa kumene wotchi siimva

Mbali iyi otsatsa malonda saikonda. Mawu amene opanga amagwiritsa ntchito ndi kugwa kwamphamvu, ndipo anawasankha mosamala. Okalamba ambiri sagwa khu. Miyendo imangofooka, munthu amagwira khoma n'kutsetsereka pang'onopang'ono mpaka pansi. Wina amatsetsereka kuchoka pampando kapena pabedi. Wina amagwira tebulo ndi dzanja lomwe lili ndi wotchi, moti thupi likutsika dzanja lili pamalo amodzi. Pa kugwa kotere nambala situmpha, ndiye wotchi siona kanthu. Komatu munthuyo ali pansi ndipo sangathe kudzuka.

Palinso vuto la mmene mapulogalamuwa amaphunzitsidwira. Kwa zaka zambiri ofufuza ankayesa njira zawo pa achinyamata odzigwetsa dala pamatiresi, ndipo zotsatira zinkaoneka zabwino kwambiri. Mu 2012 gulu lina la ofufuza linatenga njira 13 zofalitsidwa kale n'kuziyesa pa kugwa kwenikweni 29 kwa anthu odwala, ndipo pa avereji njirazo zinangozindikira pafupifupi 57 pa 100 alionse. Zipangizo zamakono zapita patsogolo kuchokera nthawi imeneyo, chifukwa zimaphunzitsidwa ndi mayendedwe a anthu ambiri m'moyo weniweni. Koma Apple mpaka pano imalemba poyera kuti wotchi yake singazindikire kugwa konse.

Choncho munthu wogwa ali maso asadikire kuti wotchi ilire. Aitane yekha. Apa ndiye tafika pa batani.

Batani la SOS ndi nkhani ina

Kuzindikira kugwa ndi wotchi kulosera. `Emergency SOS` ya pabatani ndi munthu kulamula. Ziwirizi zimathera pa foni imodzimodziyo, koma zimayamba mosiyana, ndipo ma foni abodza ambiri amachokera ku batani, osati ku kugwa. Anthu ambiri amazimitsa `Fall Detection` pofuna kuthetsa vuto limene gwero lake ndi batani lopanikizika m'thumba.

Pa mafoni a Android, kuyambira pa Android 12 ya mu 2021, kudina batani loyatsira foni kasanu mofulumira kumayambitsa SOS. Kasanu kumamveka ngati kochuluka, koma ganizirani. Pa mafoni ambiri kudina kawiri kumatsegula kamera. Foni ikachedwa kuyaka, munthu amadinanso, amadinanso. Mwana akaigwira amadina osawerenga. M'thumba lothina, foni ikakhala pamodzi ndi makiyi, sitepe iliyonse ikhoza kukhala kudina kumodzi. Mu 2023 akuluakulu a polisi ku Britain analengeza kuti ma foni opanda wolankhula ofika pa nambala ya zangozi ya 999 achuluka kwambiri, ndipo analoza chala njira imeneyi. Pambuyo pake Google inasintha kuti munthu akadina kasanu, azitsimikizanso pogwira chala pasikirini kanthawi. Zosankhazi mumazipeza pa `Settings`, kenako `Safety & emergency`, kenako `Emergency SOS`, ngakhale kuti opanga mafoni ena amasintha mayina pang'ono.

Kutsimikiza pasikirini kuli ndi mtengo wake. Munthu amene akufuna kuitana thandizo mobisa, dzanja lili m'thumba, sangathenso kutero ndi batani lokha. Ngati chimenecho ndicho mukuchifuna, sankhani kuti foni iziimba yokha ikatha kuwerenga masekondi, koma musazimitse alamu yowerengera. Alamu imeneyo ndi imene ingakuuzeni kuti foni ili m'thumba yayamba kuchita zake. Simungakhale nazo zonse ziwiri, kubisa ndi kuchenjezedwa, ndiye sankhani malinga ndi ngozi imene mukuiopa.

Pa iPhone pali njira ziwiri, ndipo iliyonse imayatsidwa kapena kuzimitsidwa payokha pa `Settings`, `Emergency SOS`. Ina ndi `Call with 5 Button Presses`, yofanana ndi ya Android ija. Ina ndi `Call with Hold and Release`, kugwira batani la m'mbali pamodzi ndi limodzi la mabatani okweza kapena kutsitsa mawu. Mabatani amenewa ali mbali ziwiri zoyang'anana za foni, choncho chilichonse chofinya foni m'mbali chimawadina pamodzi: chogwirira foni cha m'galimoto, cha panjinga, chikwama chothina. Poyamba kungogwira mpaka masekondi atha kunali kokwanira kuimba foni. Kumayambiriro kwa 2023, pa iOS 16.3, Apple inasintha kuti foni iziimbidwa pokhapokha mabataniwo akasiyidwa, chifukwa chogwirira cha m'galimoto chimafinya osasiya, pamene munthu amasiya. Ngakhale zili choncho, poika foni m'chogwirira onetsetsani kuti zala zake zagwira pansi pa mabatani.

Pa wotchi vuto ndi kupinda dzanja. Munthu akamakankha chinthu cholemera, akamanyamula zitsulo kapena akavala magolovesi aatali, kuseri kwa dzanja kumadina batani la m'mbali n'kuligwira. Njira yosavuta ndi kutembenuza wotchi kuti mabatani aloze kuchigongono, n'kusintha pa zosankha za `Orientation` kuti sikirini iwongoke. Njira ina ndi kuzimitsa `Hold Side Button to Dial`. Mukatero SOS siichoka, kungoti muyenera kukoka kotsetsereka pasikirini ndi chala. Kwa wokalamba wa manja onjenjemera, kapena amene saona bwino opanda magalasi, ndingakonde kutembenuza wotchi kusiyana ndi kuzimitsa, chifukwa kugwira batani nkosavuta kuposa kulondola kanthu kakang'ono pasikirini uli pansi.

Palinso kuzindikira ngozi ya galimoto, kumene Apple inabweretsa pa iPhone 14 mu 2022 ndi akiselerometa yofika 256 g. Kumeneku nkosiyana ndi kugwa chifukwa kumamvetseranso phokoso, liwiro ndi kusintha kwa mpweya m'galimoto. M'miyezi yoyambirira kunaimbitsa ma foni abodza kuchokera m'masitima amasewera othamanga mokhotakhota ku Ohio, ndiponso kuchokera kwa anthu otsetsereka pachipale ku Colorado, konseku ku America. Chifukwa chake nchomwe chija: liwiro lalikulu, kuima mwadzidzidzi, ndi foni yokwiririka m'zovala zochindikala pamene mwiniwake sangaimve. Pokwera zinthu zotere, kuika foni pa `Airplane Mode` kwa mphindi zochepazo kumatseka njira yoimbira. Chofunika nkukumbukira kubwezeretsa mukatsika.

Foni ikapita mwangozi

Tsiku lina zidzachitika ndithu. Mudzamva mawu achilendo akuchokera pamkono kapena m'thumba, munthu akufunsa kuti ngozi yanu ndi yotani. Manyazi adzakuuzani kuti mudule. Musadule. Kwa woyankhayo, foni yoduka popanda mawu siitanthauza kuti zonse zili bwino. Ikhoza kukhala ya munthu amene wakomoka kapena amene walandidwa foni, ndiye m'maiko ambiri amaimbanso, ndipo akapanda kuyankhidwa amatha kutumiza anthu. Kunena kuti "pepani, yaimba wotchi mwangozi, palibe vuto" kumatenga masekondi khumi. Akakufunsani dzina kapena malo, yankhani, akungotsimikiza kuti simukulankhula mokakamizidwa. Ngati mwadula kale, ndipo nambala yachilendo ikuimba, iyankheni.

Kenako kumbukirani anthu anu. Foni ikatha, uthenga umapitanso kwa iwo pokhapokha mutauletsa pasikirini, ndipo foni imapitiriza kuwatumizira malo anu mukamasuntha mpaka mutaimitsa. Auzeni msanga kuti muli bwino. Bwinonso kukambirana nawo zinthu zisanachitike kuti akalandira uthenga wotere achite chiyani: ayambe akuimbirani, ndipo mukapanda kuyankha, ndani ali pafupi amene ali ndi kiyi wa nyumba. A ambulansi akhoza kudziwa malo anu pamapu koma n'kupeza chitseko chokhoma. Komanso manambala a malo ochokera ku GPS m'kati mwa nyumba amasokera ndi mamita angapo, ndipo m'nyumba yosanja sanena kuti muli pansanjika iti. Kumalo kumene nambala ya zangozi siyankhidwa msanga, anthu amenewa ndiwo thandizo lenileni, ndiye lembani amene amayankha foni usiku, osati amene mumangowalemekeza.

Ambiri amafuna kuyesa ngati chinthuchi chikugwira ntchito, n'kumadzigwetsa pamatiresi. Sizithandiza. Kugwa kodzipangitsa kulibe kudzidzimuka kwa manja kumene pulogalamu imasakasaka, ndiye kawirikawiri wotchi siilira, ndipo munthu amatsala akuganiza kuti ndi yakufa. Kuponya wotchi pansi nakonso sikuyesa kanthu, popeza siili pamkono. Zimene mungayese popanda kuimbira aliyense ndi izi: tsegulani zosankha muone kuti `Fall Detection` ndi `Wrist Detection` ndi zoyaka, onani tsiku lobadwa ndi mayina a anthu anu pa `Medical ID`, kenako siyani foni pamalo amene imakhala usiku, lowani kubafa, tsekani chitseko, muimbire m'bale wanu kuchokera pawotchi. Ikalowa, njira ilipo. Ikakana, sunthani pogonera foni.

Chotsala ndi batire. Wotchi zambiri zotere zimafuna kutchajidwa tsiku lililonse kapena pakapita masiku awiri, ndipo anthu amazitchaja usiku kapena posamba, nthawi ziwiri zomwe okalamba amagwa kawirikawiri. Wotchi zambiri zozindikira kugwa sizilowa madzi osamba, choncho palibe chifukwa choivulira kubafa. Itchajeni madzulo mutakhala pampando, pamene pali anthu ena m'nyumba, ndipo muivalenso musanadzuke pampandopo.